Kodi Amasankha Ndani Kanema Amene Mukuona pa YouTube?

Anthu awiri atakhala pa benchi imodzi, aliyense n'kutsegula YouTube pafoni yake, zimene adzaone pa tsamba loyamba sizidzafanana. Wina adzapeza nyimbo za makwaya ndi maulaliki, mnzakeyo zigoli za mpira wa dzulo. Palibe munthu amene wakhala mu ofesi n'kumawasankhira. Ntchitoyi imagwiridwa ndi pulogalamu ya pakompyuta, ndipo anthu ambiri opanga makanema amaiona ngati mdani amene akuwabisira ntchito yawo mwadala. Ine ndikuona kuti maganizo amenewa amatayitsa nthawi. Pulogalamuyi imatsatira woonera, ndipo wopanga kanema akamvetsa zimenezi amadziwa pomwe ayenera kuika mphamvu zake.

Tiyambe ndi kukula kwa ntchitoyo. YouTube inayamba mu 2005, ndipo Google inaigula chaka chotsatira. Pofika mu 2019, kampaniyi inkanena kuti mphindi iliyonse anthu amaikapo makanema otalika maola oposa 500. Koma pafoni panu pamakwana makanema ochepa chabe nthawi imodzi. Mu 2016, akatswiri atatu a ku Google, a Paul Covington, a Jay Adams ndi a Emre Sargin, anafotokoza poyera momwe kusankhaku kumachitikira. Zambiri zasintha kuchokera nthawi imeneyo, koma mfundo yake ndi yothandizabe. Kusankha kuli ndi magawo awiri, monga momwe mayi amapetera mphale kenako n'kukhala pansi kutola timiyala. Pa gawo loyamba, pulogalamu imayang'ana zimene munaonera ndi zimene munafufuza m'mbuyomu, n'kuziyerekeza ndi za anthu ena amene amaonera zofanana ndi zanu. Pa makanema mamiliyoni imapatulapo mazana ochepa. Pa gawo lachiwiri, imatenga mazana aja mmodzimmodzi n'kuwapatsa malikisi, ndipo amene apambana ndi amene mumawaona pamwamba.

Funso lalikulu ndi lakuti malikisiwo amaperekedwa poona chiyani. Zaka zoyambirira, chimene chinkawerengedwa kwambiri ndi kuchuluka kwa anthu odina kanema. Zotsatira zake zinali zoipa. Anthu anayamba kuika mitu yabodza ndi zithunzi zokopa, woonera n'kudina, n'kupeza kuti wanamizidwa, n'kutuluka. Mu 2012 YouTube inasintha n'kuyamba kuwerengera kwambiri nthawi imene munthu wakhala akuonera. Pambuyo pake inawonjezera zina. Mu 2021, a Cristos Goodrow, mmodzi mwa akuluakulu a mainjiniya pakampaniyi, anafotokoza kuti amafunsanso anthu ena kuti apereke nyenyezi, kuyambira 1 mpaka 5, pa kanema amene aonera, ndipo nthawi imene imatengedwa kuti ndi yaphindu ndi ya makanema opatsidwa nyenyezi 4 kapena 5 basi. Amaonanso ngati munthu wasonyeza kuti kanemayo wamukonda, wamukana, kapena watumizira ena.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze ndi alimi awiri, ndipo manambala onse pano ndi ongoyerekezera. Onse ajambula kanema wa mphindi 6 wosonyeza kapangidwe ka manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndowe, phulusa, gaga ndi feteleza pang'ono. Woyamba walemba mutu wakuti "Simudzagulanso feteleza mpaka kalekale!" n'kuika chithunzi cha mulu wa ndalama. Wachiwiri walemba kuti "Kapangidwe ka manyowa a Mbeya: miyezo ndi masiku ake", ndipo pachithunzi pake pali thumba lotsegula ndi manja akusakaniza.

YouTube yaonetsa chithunzi cha aliyense kwa anthu 1,000. Woyamba uja wakopa anthu 100, kutanthauza 10 pa 100 alionse. Koma kanema wake wayamba ndi nyimbo, malonje, kupereka moni kwa achibale ndi kupempha anthu kuti atsatire tchanelo. Pofika masekondi 30, anthu atuluka. Tikawonkhetsa, waoneredwa mphindi 50. Wachiwiri wakopa anthu 50 okha, theka la mnzake. Koma iye wayamba ndi kuonetsa zipangizo zonse zili pa lona n'kutchula muyezo wa chilichonse, ndipo aliyense waonera pafupifupi mphindi 4. Zonse pamodzi ndi mphindi 200. Pa mwayi wofanana wa anthu 1,000, kanema wachiwiri wasunga anthu nthawi yochuluka kanayi. Pulogalamu ikamasankha woti imuonetse kwa mlimi wina mawa, idzatenga wachiwiriyo, ngakhale kuti tsiku loyamba woyamba uja ndiye amaoneka ngati ali patsogolo.

Apa ndi pamene pali mphamvu yeniyeni ya wopanga kanema. Mutu ndi chithunzi ndi lonjezo, ndipo masekondi oyambirira ndi pamene woonera amatsimikiza ngati lonjezolo lisungidwe. Kwathu kuno nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri, chifukwa munthu akuonera ndi bandulo imene wagula movutikira, ndipo sangadikire kuti mumalize malonje. Ndikudziwa kuti kuyamba nkhani osapereka moni kumaoneka ngati kusowa mwambo. Moniwo perekani, koma ukhale wa mawu awiri atatu, manja ali kale pa ntchito.

Zimenezi simuyenera kuchita kulota, chifukwa manambala ake alipo ndipo ndi aulere. Mukatsegula YouTube Studio n'kulowa pa Analytics ya kanema wanu, mupeza Impressions, kutanthauza kuti chithunzi chanu chaonetsedwa kangati. Chimawerengedwa pokhapokha ngati theka lake kapena kuposerapo laoneka kwa nthawi yoposa sekondi imodzi. Pafupi pake pali Impressions click-through rate, yomwe ndi chiwerengero cha amene anadina pa 100 alionse amene anaona chithunzicho. YouTube imanena kuti theka la matchanelo ndi makanema onse limakhala pakati pa 2 ndi 10 pa 100 alionse. Kenako pali Audience retention, mzere wosonyeza kuchuluka kwa anthu amene akadali kuonera pa sekondi iliyonse.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Ngati chithunzi chikuonetsedwa kwa anthu ambiri koma odina ndi ochepa, vuto lili pa mutu kapena pa chithunzicho. Ngati odina ndi ambiri koma mzere uja ukugwa mwadzidzidzi m'masekondi 30 oyambirira, ndiye kuti chimene munalonjeza sichikuoneka msanga. Mzerewo ukagwa pakati, pitani pamalo pomwepo mukaone chimene chinachitika. Kawirikawiri mupeza kuti mphepo inaphimba mawu, kapena munapatuka n'kuyamba nkhani ina. Pamene mzere wakwera pang'ono, anthu amabwerera kuti aonenso, ndipo mwina pamenepo pali kanema wanu wotsatira. Chenjezo limodzi lokha: chiwerengero cha odina chikatsika pamene Impressions ikukwera kwambiri, musachite mantha n'kusintha chithunzi. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti kanema wafika kwa anthu atsopano amene sakukudziwani, ndipo alendo sadina mofulumira ngati anthu anu akale.

Kufufuza kumayenda mosiyanako pang'ono. Munthu akalemba mawu m'kabokosi kofufuzira, wanena kale chimene akufuna, choncho pulogalamu imayamba ndi kuona ngati mawuwo akugwirizana ndi mutu, kufotokoza kwa m'munsi ndi zimene zili mu kanemayo. Kenako imaona ngati ena amene anafufuza mawu omwewo anakhala n'kuonera. Mutu woyamba uja, wa "Simudzagulanso feteleza", ulibe mawu akuti manyowa kapena Mbeya, ndiye mlimi amene akufufuza zimenezi n'kutheka osaupeza. Mutu umalola zilembo 100, koma pafoni umadulidwa, choncho mawu ofunika akhale koyambirira. Timawu tija totchedwa Tags, tomwe anthu amataya nato nthawi, YouTube yokha imanena kuti sitithandiza kwambiri, kupatula pamene mawu amalembedwa mosiyanasiyana. Kwa ife zimenezi zili ndi ntchito, chifukwa wina amalemba feteleza, wina fetereza, ndipo ena amasakaniza ndi Chingerezi. Komanso makina olemba okha zimene munthu akulankhula amagwira bwino pa zinenero zikuluzikulu, ndiye amene akulankhula Chichewa asawadalire. Alembe yekha kufotokoza komveka bwino m'munsi mwa kanema. Angathenso kugawa kanemayo m'zigawo polemba nthawi yake motere:

```
0:00 Zipangizo ndi miyezo
1:20 Kasakanizidwe
4:05 Kasungidwe
```

Kuti zigwire ntchito, mzere woyamba uyambe ndi 0:00, zigawo zikhale zosachepera zitatu, ndipo chilichonse chisachepere masekondi 10.

Pali zinthu zina zimene wopanga kanema sangazisinthe, ndipo ndi bwino kuzivomereza msanga. Sangasinthe kuchuluka kwa anthu amene ali ndi chidwi ndi nkhani yake. Sangaletse ena kutulutsa kanema wabwino kuposa wake sabata yomweyo. Sangasinthe nyengo: kanema wa manyowa adzafunidwa kwambiri pamene anthu akukonza minda kusiyana ndi nthawi yokolola. Komanso kuyambira mu 2019 YouTube inayamba kuchepetsa kufalitsa makanema amene sakuphwanya malamulo ake mwachindunji koma akusocheretsa anthu, monga onena za mankhwala abodza ochiritsa matenda aakulu. Woonera nayenso ali ndi mawu, chifukwa angathe kudina Not interested kapena Don't recommend channel, ngakhalenso kufufuta mbiri ya zimene anaonera.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi njira zachidule zimene achinyamata ambiri akukopeka nazo. Wina amati "nditsatire, nanenso ndikutsatire", wina amalipira kuti amuwonjezere anthu oonera. Zonsezi n'zoletsedwa m'malamulo a YouTube, ndipo manambala abodza amachotsedwa akadziwika. Ngakhale asadziwike, phindu lake palibe. Kumbukirani gawo loyamba lija, limene limapeza anthu atsopano poyang'ana amene anaonera kale. Ngati okutsatiraniwo saonera makanema anu, pulogalamu ilibe pophunzirira kuti alimi enieni ofuna manyowa ali kuti. Chinanso chimene ambiri sachidziwa n'chakuti kanema akakopedwa n'kumatumizidwa ngati fayilo pa WhatsApp, ngakhale aonedwe ndi mudzi wonse, YouTube sidziwa kanthu. Tumizani linki, kuti woonera aliyense awerengedwe.

Ngati muli ndi tchanelo, musanajambule kanema wina, tsegulani Audience retention ya makanema anu atatu omaliza, muone sekondi imene anthu ambiri anatulukira, kenako muonerenso pamalopo kuti mudziwe chimene munkachita. Chimenecho ndicho choyamba kukonza.