Momwe ndimasandutsira imelo ya abwana kukhala ndandanda ya ntchito

Ntchito yanga ndi yolondoloza mapulojekiti, ndipo nthawi zambiri imayambira pa imelo yosalongosoka. Ina inati: "Maphunziro a alangizi 40 adzachitikira ku Salima pa 20 Juni. Holo ipezeke msanga, anthu aitanidwe, za chakudya ndi mayendedwe muone. Mwina projekita idzafunika." Tinailandira anthu asanu, ndipo aliyense ankayesa kuti mnzake ndiye athamangethamange.

Ndikalandira yotere, ndimatsegula Excel n'kukonza madanga anayi: ntchito, mwini wake, tsiku lomaliza ndi pomwe yafika. Kenako ndimaiphwanya imeloyo. "Holo ipezeke" imamveka ngati ntchito imodzi, koma muli zitatu: kutolera makotesheni atatu, kusankha holo, ndi kulipira dipoziti. Iliyonse imatenga mzere wakewake, chifukwa wotolera makotesheni si amene amatulutsa ndalama. Mzere womwe sungayankhidwe kuti "yatha" kapena "sinathe" ndiye kuti ukufunika kuphwanyidwanso.

Pa danga la mwini wake m'pamene sindinyengerera. Ndimalembapo dzina la munthu mmodzi. Kulemba kuti "a ku akaunti" kapena "tonse" n'kuitaya ntchitoyo, pakuti ikachedwa palibe womuimbira foni. Othandiza angakhale ambiri, koma woyankha akhale mmodzi, ndipo avomere yekha kuti wailandira.

"Msanga" si tsiku. Masiku ndimawapeza powerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa 20 Juni. Alangizi ankafunika kalata yowaitana kudakali milungu iwiri, kutanthauza pa 6 Juni. Kalatayo singatuluke isanatchule malo, choncho dipoziti inayenera kulipidwa pofika pa 5 Juni. Ku akaunti kwathu ndalama zinkatenga mlungu wathunthu kuti zituluke, ndiye holo isankhidwe pa 29 Meyi, makotesheni afike pa 27 Meyi. Apa m'pamene tinaona kuti "msanga" wa abwana unali masiku anayi okha kuchokera tsiku lomwe imelo inafika.

Pa danga lomaliza ndimalola mawu anayi basi: sinayambe, ili mkati, yaima, yatha. Mu Excel mawuwa ndimawatsekera ndi Data Validation, posankha List, kuti wina asalembe "tikuyesetsa". Wolemba kuti yaima anene chaimitsa. Ndipo mzere ukakhala pa "ili mkati" milungu iwiri osasuntha, ndimadziwa kuti unaima kale, mwini wake akungoopa kunena.

Nanga projekita ija ya "mwina"? Sindinaiganizire ndekha. Ndinailemba ngati funso, mwini wake abwana eniake, yankho lifike pa 27 Meyi. Ndandanda yonse ndinaibweza kwa iwo tsiku lomwelo kuti atsimikize, ndipo anayankha kuti alangizi akutali adzafunika kugona komweko, zomwe imelo sinatchule n'komwe. Musanayambe ntchito, ibwezereni ndandandayo kwa amene analemba imelo.