Kumasulira kafukufuku wa chuku kuti mlimi wa mtedza amve

Chidule cha kafukufuku, chija akatswiri amaika pamwamba pa lipoti, chimalembedwa kuti chiwerengedwe ndi akatswiri anzawo. Chimayamba ndi kufotokoza vuto, kenako njira yomwe anafufuzira, zomwe anapeza, ndipo malangizo amabwera kumapeto kwenikweni m'chiganizo chimodzi. Mlangizi kapena wolengeza pawayilesi akachiwerenga m'ndondomeko yomweyo pamaso pa alimi a mtedza ku Mchinji, anthu amayamba kubalalika asanafike pa mfundo yomwe imawakhudza.

Kafukufuku wa chuku mu mtedza, ngati yemwe wakhala akuchitika ku Chitedze, ndi chitsanzo chabwino. Chidule chotere chimanena za afulatokisini, poizoni yemwe amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo chimapereka kuchuluka kwake m'magawo a pa biliyoni. Womasulira wodziwa ntchito amatembenuza ndondomekoyo n'kuyambira kumapeto: kodi womvera asinthe chiyani mawa m'mawa? Kwa mlimi ndi wogula mtedza pamsika, yankho limodzi n'lakuti aleke kuwaza madzi pa mtedza pofuna kufewetsa makoko asanasende, chifukwa chinyezi chimenecho ndicho chimadzutsa chuku. Njira zomwe anayezera mu labotale zikhoza kutsala papepala.

Msampha woyamba uli pa liwu lenilenilo. Ambiri amamasulira afulatokisini kuti chuku, ndipo n'zoona kuti liwuli aliyense amalidziwa. Koma chuku n'chomwe chimaoneka ndi maso, pamene poizoni yemwe chimatulutsa saoneka ndipo akhoza kupezeka ngakhale mu mtedza wooneka bwino. Mlimi akangouzidwa kuti apewe chuku, amapukuta mtedzawo, kuukazinga, n'kukhulupirira kuti vuto latha. Chonsecho moto wapachiwaya supha poizoniyu. N'chifukwa chake mawu otalikirapo akuti "poizoni wochokera ku chuku" ndi oyenera, ngakhale amadya nthawi pawayilesi.

Manambala ndiwo amafuna ntchito yambiri. Mayiko a m'bungwe la European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji kupitirira magawo 4 pa biliyoni. Palibe mayi wogulitsa nsinjiro ku Lizulu yemwe angaone chithunzi m'mawu amenewo, ndipo kunena zoona, ophunzira ambiri sachionanso. Masamu ake ndi awa: magalamu biliyoni imodzi ndi matani 1,000, omwe ndi matumba 20,000 a makilogalamu 50. Magalamu 4 ndi pafupifupi shuga wokwana kasupuni kamodzi ka tiyi. Choncho womasulira anganene kuti kasupuni kamodzi ka poizoni m'matumba 20,000 ndiwo malire, ndipo kupitirira apo katundu amabwezedwa.

Fanizoli limagwira mtima, koma lili ndi bodza lake lomwe liyenera kukonzedwa nthawi yomweyo. Shuga amasungunuka n'kufalikira mofanana, pamene poizoniyu amaunjikana mu njere zochepa, makamaka zofwapa, zosweka, zobooledwa ndi tizilombo ndi zosintha mtundu. Womvera akatsala ndi chithunzi cha shuga yekha, amaganiza kuti palibe chomwe angachite. Akamva kuti njere zochepa ndizo zimaipitsa thumba lonse, amamvetsa chifukwa chake kusankha mtedza palichero kumatsitsa poizoniyo kwambiri, ngakhale sikumuthetseratu.

Pamenepa ndi pomwe womasulira ayenera kuwonjezera zomwe chidule sichinena kawirikawiri. Mtedza wosankhidwa uja sutayidwa. Wabwino umapita kumsika, woipa umatsala pakhomo n'kusinjidwa kukhala nsinjiro za m'phala la ana, kapena umagulitsidwa motchipa. Uthenga wongonena kuti "sankhani mtedza" ukhoza kuyeretsa katundu wa ogula akunja kwinaku ukuwonjezera poizoni m'mbale ya banja. Chiganizo chachiwiri, chakuti wosankhidwawo asadyedwe ndi anthu ngakhale kupatsidwa ziweto, sichiyenera kusiyidwa.

Palinso timawu tomwe akatswiri amadzitetezera nato. Pa nkhani ya kupinimbira kwa ana, malipoti ambiri amati poizoniyu "amayendera limodzi" ndi vutolo, osati ndiye yekha amaliyambitsa. Pofuna kukometsa nkhani, n'kosavuta kunena kuti chuku chimapinimbiritsa ana. Chichewa chili ndi njira yonenera zoona popanda kuziziritsa uthenga: ana omwe amapezeka ndi poizoni wambiri m'thupi kawirikawiri amapezekanso opinimbira, ndipo akatswiri akufufuzabe kuti gawo la poizoniyo ndi lalikulu bwanji.

Njira yodziwira ngati kumasulirako kwatheka si kufunsa kuti "mwamva?", chifukwa aliyense amavomera mwaulemu. Mlangizi apemphe mlimi mmodzi kuti afotokozere mnzake yemwe wafika mochedwa. Mlimiyo akatchula zoleka kuwaza madzi, kuumitsa mtedza mpaka uzilira m'khoko ukagwedezedwa, komanso komwe mtedza wosankhidwa upite, uthenga wafika. Akangoti "akuti chuku n'choopsa", mlangiziyo ayambirenso pa lichero.