Akakuchitirani umboni pa ntchito, musangoti zii

Kampani ikaimbira foni munthu amene munamulemba pa CV kuti akuchitireni umboni, nthawi zambiri ndiye kuti dzina lanu lili m'gulu la anthu ochepa amene akuganiziridwa. Koma ntchito simunaipeze, ndipo mboni yanuyo ingafunsidwenso kapena kutumiziridwa fomu yoti ilembe. N'chifukwa chake muyenera kuithokoza tsiku lomwelo kapena mawa lake, osadikira zotsatira.

Tiyerekeze kuti mwafunsira ntchito ya ukalaliki, ndipo amene anali bwana wanu akuuzani kuti aimbiridwa. Uthenga wake ungakhale wotere: "Bwana, zikomo kwambiri chifukwa chopatula nthawi n'kuyankha mafunso awo. Intavyu ndinachita Lachiwiri, ndipo akuti atiuza zotsatira pakatha milungu iwiri. Ndidzakudziwitsani zikatuluka." Mawu amenewa akukwana, chifukwa muli kuthokoza, pomwe zinthu zafika ndi zimene zikubwera. Ngati ndi munthu wamkulu amene simunazolowerane naye, ndi bwino kuimba foni kusiyana ndi kulemba pa WhatsApp.

Musawafunse zimene ananena, chifukwa imeneyo ndi nkhani ya iwo ndi kampaniyo. Musawapemphenso kuti akakukankhireni kwa olemba ntchito, poti zimenezi zimachititsa kuti umboni wawo ukayikiridwe.

Milungu iwiri ija ikadutsa kuli chete, auzeni mwachidule kuti mukudikirabe. Zotsatira zikabwera, kaya mwapeza ntchito kaya ayi, azimve kwa inu, osati kwa anthu ena. Ngati sizinatheke, pemphani chilolezo musanalembenso dzina lawo kwina.