Njovu yakuda papepala loyera

Wosema ziboliboli wina yemwe ndimamudziwa ku Liwonde ananditumizira pa WhatsApp chithunzi cha njovu imene anasema ndi mtengo wa phingo. Njovuyo ndinali nditaigwirapo ndi manja anga. Inali yotalika masentimita 20, makwinya a pachitamba atagobedwa limodzilimodzi, makutu atapalidwa bwino mpaka kupyapyala. Koma pachithunzipo panangooneka chinthu chakuda bii, chokhala ndi banga loyera pamsana, ndipo kumbuyo kwake kunali njinga, ndowa ndi miyendo ya mwana. Ntchito ya masiku ambiri inabisika yonse. Wogula wa pamsewu amanyamula chiboliboli, n'kuchitembenuza, n'kumva kulemera kwake. Wogula wa pa intaneti alibe mwayi umenewo, ndipo chimene chithunzi chabisa iye amangoti palibe.

Tinakajambulanso njovu ija ndi foni yomweyo, osagula chida china kupatula pepala la manila.

Choyamba tinaichotsa padzuwa. Ambiri timaganiza kuti dzuwa likamaswa mtengo ndiye kuti chithunzi chituluka bwino, koma dzuwa limagwera pachinthu kuchokera pamalo amodzi aang'ono, choncho mbali imene yawombedwa imathwanima pamene inayo imamira mumdima, ndipo kamera ya foni imalephera kuonetsa mbali ziwirizo nthawi imodzi. Phingo wopukutidwa ndi polishi ndiye amachita kunyanya, chifukwa amabweza kuwala ngati galasi. Banga loyera lija linali dzuwa lenilenilo likudziyang'anira pamsana pa njovu. Fulashi imachitanso chimodzimodzi, choncho muizimitse.

Kuwala kofunika ndi kwa mumthunzi woyang'anizana ndi thambo, monga m'mphepete mwa khonde pomwe dzuwa silikufika. Pamenepo kuwala kumachokera kuthambo lonse, motero kumakuta chinthucho mofewa. M'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Julaye, dzuwa kwathu kuno limadutsa chakumpoto, ndiye khonde loyang'ana kum'mwera limakhala ndi mthunzi tsiku lonse. Tsiku la mitambo, ngati la chiperoni, ndilo labwino koposa. Koma mthunzi wa mtengo wa mango muupewe. Umaoneka wabwino m'maso, koma dzuwa limadontha pakati pa masamba n'kusiya mawangamawanga, ndipo masambawo amapaka chinthu kamtundu kobiriwira. Khoma lopentedwa buluu kapena dothi la katondo lowombedwa ndi dzuwa pafupi nazonso zimathira mtundu wake pachimene mukujambula. Kuti mudziwe ngati malo ali bwino, tambasulani dzanja pamwamba pa pepala. Chithunzithunzi cha zala chikamaoneka chakuthwa m'mphepete, kuwalako n'kolimba. Chikamaoneka chofufuma, mwapeza malo.

Pepala la manila tinalimata ndi selotepi kumsana kwa mpando, n'kulilola kutsetsereka mopindika mpaka pokhalira, osalipinda pakona. Kupindikako kumachotsa mzere umene umaoneka pamene khoma lakumana ndi pansi, ndipo chiboliboli chimakhala ngati chaima pamalo opanda malire. Njovuyo tinaiika patsogolo, kutalikirana ndi mbali yoimirira ya pepala ndi chikhatho chimodzi ndi theka, kuti chithunzithunzi chake chigwere pansi osati kumbuyo. Nsalu nayo imatheka, koma muisite kaye, chifukwa khwinya lililonse limaoneka. Chitenje cha maluwa ayi, ngakhale chikhale chokongola bwanji. Diso la wogula lidzathera pachitenjecho.

Apa m'pamene panali vuto lenileni, ndipo ndi limene limagwetsa anthu ambiri omwe achita zonse bwino. Titajambula papepala loyera, pepalalo linatuluka lotuwa ngati phulusa, ndipo njovu inadanso kuposa poyamba. Chifukwa chake n'chakuti kamera imayeza kuwala kwa zonse zimene ikuona n'kufuna kuti chithunzi chikhale chapakatikati, chosawala kwambiri komanso chosada kwambiri. Ikaona pepala loyera litadzaza malo ambiri, imaganiza kuti kwawalitsa, ndiye imachepetsa kuwala kwa chithunzi chonse. Pepala limatuwa, ndipo chinthu chakuda kale chimatheratu.

Mankhwala ake ali pasikirini pomwepo. Dinani ndi chala pachiboliboli penipenipo. Pamafoni ambiri pamatuluka kabokosi kapena kabwalo, pambali pake pali kachizindikiro ka dzuwa. Kokerani kadzuwako kumbali yowalitsa pang'onopang'ono, maso anu ali pa makwinya a chitamba, osati papepala. Makwinya akayamba kuoneka, imani. Mukapitirira, phingo amayamba kutuwa ngati mtengo wamba, ndipo m'mphepete mwa makutu mumayamba kudyedwa ndi kuyera kwa pepala. Mukagwira chala pamalopo kwa kanthawi, mafoni ambiri amatseka muyeso umenewo kuti usasinthe, ndipo ena amalemba `AE/AF LOCK`.

Ine ndimaona kuti kwa phingo, pepala loyera si labwino kwenikweni. Titasintha n'kuika lotuwa pang'ono, foni sinavutikenso, chifukwa kusiyana kwa chiboliboli ndi kumbuyo kwake kunachepa. Dengu la mlaza kapena lichero la nsungwi zimafuna zosiyana ndi zimenezi. Izo n'zoyererapo kale, ndiye papepala loyera zimasungunuka m'mphepete, pamene palotuwa kapena lakuderapo malukidwe ake amatuluka bwino.

Mbali ya njovu yoyang'ana kukhoma la nyumba inali idakali yakuda. Tinang'amba katoni, n'kumatapo pepala loyera, n'kuiimika kumbali yamdimayo, pafupifupi chikhatho chimodzi kuchokera pachiboliboli. Katoniyo imabweza kuwala kochokera panja. Mukamaisendeza mukuyang'ana pasikirini, mumaona diso ndi khutu zikutuluka mumdima. Musafune kupha mthunzi wonse. Kuwala kofanana sikutanthauza kuti mbali zonse ziwale chimodzimodzi, chifukwa kamthunzi kochepa ndi kamene kamasonyeza kuti mimba ndi yobulungira ndipo makwinya ndi ozama.

Zotsalazo n'zazing'ono. Pukutani diso la kamera, pakuti foni yokhala m'thumba imakhala ndi mafuta a zala amene amachititsa chithunzi kukhala ngati chili mu nkhungu. Pukutaninso chiboliboli, makamaka nyengo ya fumbi. Musayandikitse foni kwambiri, poti mbali yoyandikira kamera imakula, ndipo njovu yathu inatuluka ndi mutu waukulu kuposa thupi. Bwererani mmbuyo pafupifupi mita imodzi, tsitsani foni ifanane ndi msinkhu wa chinthucho, ndipo dinani `2x` ngati ilipo. Tsamiritsani zigongono pampando kuti manja asanjenjemere, chifukwa mumthunzi kamera imachedwa pang'ono kutola chithunzi.

Tinajambula zithunzi zisanu: cha kutsogolo, cha m'mbali, cha kumbuyo, cha pafupi choonetsa makwinya, ndi china njovu ili m'manja kuti kukula kwake kudziwike, pakuti papepala lopanda kanthu chiboliboli cha masentimita 20 chingaoneke ngati chofika m'chiuno. Pansi pa phazi limodzi panali kamng'alu. Mnzangayo anafuna kukabisa, koma ndinamuumiriza kuti tikajambule nakonso, chifukwa wogula akakapeza yekha katundu atafika, amaona ngati wanamizidwa. Pa chifukwa chomwecho sitinakongoletse mitundu ndi zosinthira za mufoni. Tinaika foni pambali pa njovu, n'kuyerekeza chithunzi ndi chinthu chenichenicho pakhonde pomwepo. Potumiza tinasankha `HD`, popeza WhatsApp imafinya zithunzi kuti zichepe, ndipo choyamba kutayika pofinyapo ndi timizere ting'onoting'ono ngati makwinya a chitamba aja.