Katundu akachedwa: kalata yopepesa imene kasitomala angailandire

Pamene sukulu zatsala pang'ono kutsegulira, m'mashopu a akalipentala ku Mchesi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mu Blantyre muli ntchito ya kalavulagaga. Maoda a madesiki, mabedi a m'mahositelo ndi mabolodi amabwera nthawi imodzi, ndipo aliyense amafuna zake zithe ana asanalowe m'kalasi. Ndi nyengo yomweyi imene masiku olonjezedwa amaphonyedwa kwambiri. Tsiku likadutsa katundu asanafike, amisiri ambiri amazimitsa lamya kapena kungoti "mawa, bwana". Akuluakulu adati pepani sapoletsa chilonda, ndipo pa malonda mawuwa ndi oona: kasitomala amafuna kudziwa kuti katundu afika liti, nanga masiku ochedwawo athana nawo bwanji.

Tiyerekeze kuti kalipentala wina walandira oda ya madesiki 60, okhala ana awiriawiri, kuchokera kusukulu ina yoyima payokha. Desiki imodzi ndi K80,000, onse pamodzi K4,800,000, ndipo sukulu yapereka theka, K2,400,000, ngati chikole. Adagwirizana kuti madesiki afike Lachisanu pa 12 Seputembala, popeza ana akuyamba Lolemba. Lachisanulo lafika, madesiki okonzeka ndi 35 okha. Matabwa a paini amene adagulira otsalawo apezeka kuti ndi aawisi.

Apa pali yesero lalikulu. Akhoza kukhoma matabwa aawisiwo kuti tsiku lisamupitirire, koma thabwa losauma limanyala likamauma, limapindika, ndipo m'molumikizira mumamasuka. Teremu isanathe madesiki ayamba kugwedera, ndipo mlandu wa kuchedwa usanduka wa katundu wosalimba, umene ndi wovuta kwambiri kuupepesa. Njira yabwino ndi kuvomera kuchedwa ndi kuuza mwini oda. Lamya iyambe, chifukwa nkhani yotere munthu amafuna kuimva pakamwa, koma kalata itsatire tsiku lomwelo, kaya papepala kaya pa WhatsApp, kuti zimene mwagwirizana zikhale ndi umboni.

Asanalembe liwu lililonse, kalipentala awerengere tsiku latsopano. Anyamata ake amamaliza madesiki asanu patsiku, choncho 25 otsalawo afuna masiku asanu, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, malinga matabwa ouma atafika Loweruka. Vanishi imafuna masiku awiri kuti ipakidwe kawiri ndi kuuma, ndiye Loweruka ndi Lolemba, poti Lamulungu shopu satsegula. Awonjezere tsiku limodzi poti mwina magetsi angazime makina opalira matabwa nkuima. Tsiku loti alonjeze ndi Lachitatu pa 24 Seputembala. Kutchula tsiku lapafupi pongofuna kuziziritsa mtima wa kasitomala ndiko kumagwetsa ambiri, pakuti munthu amakhululuka kuchedwa koyamba, koma kwachiwiri amakutcha wabodza.

Kenaka aganizire chimene kuchedwako kwawononga. Vuto la aphunzitsi aakulu si madesiki 25 chabe, koma ana 50 amene akhale pansi Lolemba, makolo amene alipira fizi akuona. Chipukutamisozi chabwino chiyenera kuyambira pamenepo. Kalata yake ingamveke motere:

"Olemekezeka Aphunzitsi Aakulu,

Ndikupepesa kuti sindinakwanitse kubweretsa madesiki onse 60 lero Lachisanu, monga tidagwirizanira. Okonzeka ndi 35. Matabwa a otsalawo ndidawagula osaonetsetsa kuti ndi ouma, ndipo vuto limeneli ndi langa.

Mawa Loweruka ndibweretsa madesiki 35 aja, pamodzi ndi mabenchi 13 okhala ana anayi lililonse, oti mubwereke ulere kuti Lolemba pasakhale mwana wokhala pansi. Madesiki 25 otsala afika Lachitatu pa 24 Seputembala, nthawi isanakwane 12 koloko masana. Galimoto ya ulendo wachiwiriwo ndilipira ndine, ndipo pa mtengo wa madesiki ochedwawo ndichotsapo K100,000.

Ndikalephera pa tsiku limeneli, muli ndi ufulu wothetsa oda ya otsalawo popanda kulipira kanthu pa iwo. Lachisanu likudzali ndidzakutumizirani zithunzi za pamene ntchito yafika. Ngati njira imeneyi sikukukomerani, chonde ndiuzeni kuti tikambirane ina.

Ine wanu,
Kalipentala"

Chifukwa cha kuchedwa chatenga chiganizo chimodzi chokha, ndipo kalipentala sanaloze chala wogulitsa matabwa. Sukulu sidapangane ndi wa matabwa. Idapangana ndi iye. Kalata imene imadzaza tsamba ndi nkhani za kusowa kwa mafuta, maliro ndi anyamata ojomba imamveka ngati mlembi akupempha chifundo, pamene wovulazidwa ndi wowerengayo. Mawu onga "ngati takukhumudwitsani" nawonso sayenera kulowamo, poti amakayika chinthu chimene aliyense akuchiona.

Chipukutamisozi chili ndi malire ake, ndipo chiyenera kuwerengedwa chisanalonjezedwe. K100,000 ija ndi K5 pa K100 iliyonse ya K2,000,000, mtengo wa madesiki ochedwa okha, osati wa oda yonse. Ngati phindu la kalipentala ndi K12,000 pa desiki, oda yonse imamusiyira K720,000. Akachotsa K100,000 ndi K60,000 ya galimoto, atsala ndi K560,000 komanso kasitomala amene angabwerenso chaka chamawa. Akadalonjeza mwamantha kuchotsa theka la mtengo wa madesiki 25, akadataya K1,000,000, kuposa phindu lonse, ndipo ndalama yolipira anyamata omaliza ntchitoyo ikadasowa.

Ndime yothetsa oda nayo ili ndi masamu ake. Madesiki 35 amakwana K2,800,000, pamene chikole chidali K2,400,000. Sukulu ikasankha kuthetsa, ingowonjezera K400,000 basi. Koma okonzeka akadakhala 20 okha, a K1,600,000, kalipentala ndiye akadayenera kubweza K800,000, ndipo kalata ikadatchula tsiku ndi njira yobwezera, kaya kubanki kaya pa lamya. Wolonjeza kubweza ayambe waonetsetsa kuti ndalamayo ilipo, chifukwa chikole nthawi zambiri chimakhala chitalowa kale m'matabwa ndi misomali.

Sikuti kuchedwa kulikonse kungakonzedwe ndi tsiku latsopano. Desiki yofika sukulu itatsegula imagwirabe ntchito, koma diresi ya mkwatibwi kapena keke yofika ukwati utatha ilibe phindu. Pamenepo chokonza ndi kubweza ndalama yonse, kapena kupezera kasitomala mmisiri wina nthawi ikadalipo ndi kulipira ndalama yowonjezerayo.

Kasitomala sakakamizidwa kulandira zimene wapatsidwa. Akhoza kukadandaula ku bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, kapena kukasuma kukhoti la majisitireti kuti abwezeredwe zimene wataya. N'chifukwa chake ndi bwino kumupempha kuti ayankhe molemba kuti wavomera tsiku latsopanolo. Yankholo limateteza mbali zonse ziwiri.

Kwa inu amisiri ndi amalonda: musadikire kuti kasitomala ayambe kukuimbirani. Mukangoona kuti tsiku likupitirirani, werengerani masiku otsala, werengerani chimene mungakwanitse kupereka, ndipo lembani tsiku limene mudzalisunga ndithu.