Sipanalire belu: mmene ziwerengero za mankhwala zimaimira panjira tokeni ikatha mphamvu

Kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, zipatala zazing'ono za m'dera la Limbuli, mpaka kukafika ku Muloza pa malire a dziko lino ndi Mozambiki, zimawerenga mankhwala otsala m'mashelefu. Amawerenga mapaketi a LA, zipangizo zoyezera malungo, magolovesi ndi zina, kenako lipoti limapita ku boma la Mulanje. Ziwerengero za katundu wa m'zipatala zimalowetsedwa mu OpenLMIS, pulogalamu imene Unduna wa Zaumoyo unayamba kugwiritsa ntchito mu 2017. Ziwerengero za odwala zimakhala mu DHIS2, yomwe inapangidwa ndi Yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo kuno inakhazikika cha mu 2012.

Wofuna kudziwa ngati LA wotsala ku Muloza akwanire odwala malungo a mwezi wamawa ayenera kuona mbali zonse ziwiri pamodzi. Ndiye chifukwa chake pakati pa mapulogalamu otere pamaikidwa kapulogalamu kena, kopanda nkhope, komwe kamadzuka pa nthawi yake, kutenga ziwerengero uku ndi kukazitula uko. Kakamagwira ntchito palibe amakakumbukira. Vuto ndi lakuti kakaima, nthawi zambiri sipalira belu. Tebulo limatsegukabe, manambala ali pomwepo, kungoti ndi a sabata yatha.

Chimodzi mwa zinthu zomwe zimaimitsa ntchito zotere kawirikawiri ndi tokeni yotha mphamvu.

Seva siitsegulira aliyense. Kapulogalamu kakafika kudzapempha ziwerengero, kamaonetsa tokeni, mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala umene seva yomweyo inapereka. Malamulo amene ambiri amatsata pa nkhaniyi ndi a OAuth 2.0, olembedwa mu chikalata cha RFC 6749 mu Okutobala 2012. Malamulowa amasiyanitsa matokeni awiri. Yoyamba ndi yolowera, `access_token`, imene imaonetsedwa pa pempho lililonse ndipo moyo wake ndi waufupi mwadala, kuti ikabedwa wakubayo asapite nayo patali. Ya Google imakhala ola limodzi. Yachiwiri ndi yosinthira, `refresh_token`, imene ntchito yake ndi imodzi yokha, kukatengera yolowera yatsopano. Anthu a ku Limbuli amene amaoloka kukagula zinthu ku Milanje akuidziwa bwino nkhaniyi: chiphaso chodutsira pa malire chimatha masiku, koma chitupa chimene umaonetsa pokatenga china umachisunga pabwino.

Tiyerekeze mnyamata wa zamakompyuta pa bungwe lina logwira ntchito zaumoyo m'derali. Walemba kapulogalamu koti usiku uliwonse 2 koloko kazitenga ziwerengero za zipatala zisanu mu DHIS2 ndi kuzilemba mu Google Sheets, kuti m'mawa akuluakulu azizipeza zili zatsopano. Lolemba pa 3, nthawi ili 10 koloko m'mawa, walowa ndi akaunti yake ya Google, wavomereza, walandira matokeni onse awiri. Wayesa, zatheka. Ngati wangokopera yolowera ija n'kuimata mu pulogalamu, ntchito yake yafa 11 koloko m'mawa womwewo, isanagwire n'komwe usiku woyamba. Cholakwika ichi n'chachibwana, ndipo ubwino wake chimaonekera msanga.

Choyenera n'chakuti kapulogalamu kazipempha kokha tokeni yatsopano. Pempho lake ndi lalifupi:

```
curl https://oauth2.googleapis.com/token \
  -d grant_type=refresh_token \
  -d client_id=$ID \
  -d client_secret=$CHINSINSI \
  -d refresh_token=$YOSINTHIRA
```

Yankho limabwera ndi `access_token` yatsopano komanso `expires_in`, nambala ya masekondi amene tokeniyo ikhale ndi moyo, pafupifupi 3600. Wodziwa ntchito sadikira kuti masekondiwo athe. Amachotsapo ena, tinene 300, n'kulemba nthawi yosinthira. Tokeni yotengedwa 02:00 amaiona ngati yatha 02:55. Mphindi zisanuzo zimaphimba wotchi ya kompyuta imene yatsalira kapena yathamanga, komanso pempho limene lachedwa panjira.

Apa pali kanthu kamene ambiri amakaphonya. Kusintha tokeni kamodzi poyamba ntchito sikokwanira. Usiku umene netiweki ikukwawa, ntchito ya mphindi 20 itha kutenga mphindi 70, ndipo tokeni imafera pakati, zipatala zitatu zitalembedwa, ziwiri zisanalembedwe. Choncho nthawi iyenera kuonedwa pempho lililonse lisanatumizidwe. Seva ikayankhabe `401`, kapulogalamu kasinthe tokeni ndi kuyesanso kamodzi kokha. Kamodzi, osati kosalekeza, chifukwa kugogoda mobwerezabwereza kumachititsa seva zina kutseka akauntiyo.

Mnyamata wathu wachita zonsezi. Masiku asanu ndi awiri zinthu zayenda bwino, mpaka waiwalako. Lachiwiri pa 11, usiku, pempho losintha tokeni labwezedwa:

```
400 Bad Request
{"error": "invalid_grant",
 "error_description": "Token has been expired or revoked."}
```

Yafa tsopano ndi yosinthira ija. Chifukwa chake chili pa tsamba limene analembetsera pulogalamu yake kwa Google. Pulogalamu yotsegulidwira anthu akunja kwa bungwe ikasiyidwa pa `Testing`, tokeni yake yosinthira imatha pakapita masiku 7. Inaperekedwa Lolemba pa 3, yatha Lolemba pa 10. Mankhwala ake ndi kuisamutsira pa `In production` ndi kuvomerezanso mwatsopano. Koma pa ntchito imene imayenda yokha usiku, ine ndimaona kuti ndi bwino kusiyiratu akaunti ya munthu. Google imapereka akaunti ya pulogalamu payokha, `service account`, imene imapempha tokeni ya ola limodzi pogwiritsa ntchito kiyi wake, popanda munthu kudina batani. Akaunti ya munthu imamangirira ntchito ya bungwe pa moyo wa munthuyo. Akasiya ntchito, akauntiyo n'kutsekedwa, ziwerengero nazo zimaima.

Tokeni yosinthira imafanso m'njira zina: mwini akaunti akachotsa chilolezo, kapena ikakhala miyezi isanu ndi umodzi osagwiritsidwa ntchito, kwa Google. Zonsezi yankho lake ndi lomwelo, `invalid_grant`, ndipo tanthauzo lake ndi limodzi: kuyesanso sikuthandiza, pakufunika munthu. N'kosiyana ndi `503` kapena kuduka kwa netiweki, kumene kudikira mphindi zingapo kumathetsa vuto, komanso `403`, imene kawirikawiri imanena kuti tokeni ili moyo koma ilibe chilolezo pa chinthu chapemphedwacho. Pulogalamu imene imaphatikiza mayankho onsewa m'thumba limodzi lolembedwa kuti "zalephereka" imasocheretsa woikonza.

Pali msampha wina umene kuno kwathu umaluma kwambiri. Google imakusiyira tokeni yosinthira yomweyo, koma seva zina zambiri zimapereka yatsopano nthawi iliyonse ukasintha, yakaleyo n'kuipha. Njirayi imalimbikitsidwa mu RFC 9700 ya Januwale 2025 ngati imodzi mwa njira zodziwira kuti tokeni yabedwa: yakale ikaonekanso, seva imaganiza kuti pali anthu awiri amene ali nayo, ndipo itha kuthetsa chilolezo chonsecho. Tsono taganizani kompyuta ya mu ofesi imene yalandira tokeni yatsopano, n'kuyamba kukoka ziwerengero ikuti isunga tokeniyo ikamaliza. Magetsi azima. Yakale yafa ku seva, yatsopano sinalembedwe paliponse. Akayaka magetsi, palibenso cholowera.

Chifukwa chake lamulo ndi lakuti tokeni yatsopano isungidwe kaye, china chilichonse chisanachitike. Kasungidwe kakenso n'kofunika. Ilembedwe mu fayilo yongoyembekezera, kenako fayiloyo isinthidwe dzina kuti ilowe m'malo mwa yakale, kuti magetsi akazima pakati pasatsale fayilo yolembedwa theka. Fayiloyo iwerengedwe ndi akaunti ya ntchitoyo yokha (`chmod 600`), ndipo tokeni isamalembedwe mu kaundula wa zochitika, poti kaundula amatumizidwa pa WhatsApp anthu akamafunsana nzeru. Ntchito ziwirinso zisasinthe tokeni imodzi nthawi imodzi. Ya dzulo ikachedwa mpaka kukumana ndi ya lero, zonse zimatumiza tokeni yomweyo, ndipo yachiwiriyo imaoneka ngati wakuba. Pa Linux, lamulo la `flock` limatseka khomo kuti ntchito ilowe imodzi imodzi.

Mbali ya DHIS2 ili ndi khalidwe lake. Kuyambira pa mtundu wa 2.37, munthu atha kupanga tokeni yakeyake imene imatumizidwa ndi mawu oti `ApiToken`. Tokeni iyi ili ndi tsiku lothera koma ilibe inzake yosinthira. Tsikulo liyenera kulembedwa pamene kapulogalamu kangaliwerenge, kuti kayambe kudandaula kutatsala masabata awiri. Kuliika pa kalendala ya munthu mmodzi n'kudalira kuti munthuyo sadzadwala kapena kupita ku maliro sabata imeneyo.

Komabe tokeni, ngakhale itasamalidwa chotani, tsiku lina idzakanidwa. Funso lenileni ndi lakuti ndani adzadziwe, ndipo liti. Kapulogalamu ka mnyamata uja kanalembedwa kuti kakakumana ndi vuto kalembe mzere umodzi mu kaundula n'kutuluka mwaulemu. Kaundulayo sawerengedwa ndi munthu. Palinso zina zoipa kuposa apa: seva zina, ukafika wopanda chilolezo, zimakulozera ku tsamba lolowera, ndipo tsambalo limabwera ndi `200`, nambala ya zonse zili bwino. Pulogalamu yosasamala imafufuza ziwerengero m'tsambalo, siipeza kanthu, n'kulemba kuti lero palibe zatsopano. Kwa zipatala zisanu, nyengo ya mvula, malungo ali pachimake, ziro si yankho loti munthu alikhulupirire. Yankho lisanalandiridwe, pulogalamu ione ngati ndi JSON yeniyeni, ndipo mizere ikakhala ziro ikuwe.

Chenjezo lodalirika kwambiri silichokera kwa kapulogalamu komweko, chifukwa kompyuta yozima siingatumize uthenga wonena kuti yazima. Ntchito ikatha bwino, ilembe nthawi yake pamalo ena. Makina ena, kapena seva ina, aziona nthawiyo, ndipo ikapitirira maola 26 atumize uthenga pa foni za anthu awiri. Maola 24 ndi a tsiku, awiriwo ndi olekerera kuchedwa. Nthawi yomweyo ionekenso pamwamba pa tebulo ndi zilembo zazikulu, kuti wotsegula Lachisanu aone yekha kuti ziwerengero zinaima Lolemba.

Nthawi yolembedwayo ili ndi ntchito inanso. Tokeni ikakonzedwa pa 14, kapulogalamu kolembedwa kuti kazitenga "za dzulo" katenga za pa 13 zokha, ndipo masiku apakatiwo atsala opanda kanthu mpaka wina adzadabwe kumapeto kwa mwezi. Koyenera kamayambira pamene kanalekezera, pa 10, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti katolenso malipoti olowetsedwa mochedwa. Mzere uliwonse uzikhala ndi chizindikiro chopangidwa ndi chipatala, mwezi ndi mtundu wa mankhwala, kuti ukabweranso kachiwiri ulowe m'malo mwa wakale. Popanda chizindikirocho, mapaketi a LA a ku Muloza amawerengedwa kawiri, ndipo tebulo limaonetsa kuti shelefu ndi yodzaza pamene yatsala theka.