Phunziro la pa vidiyo liyambe ndi chisononkho m'manja

Wolemba phunziro la mafulakishoni la pa vidiyo ayambe ndi manja, manambala pambuyo. Tilembe kuti kamera ionetse mphunzitsi akuthyola chisononkho cha chimanga chowotcha pakati, mbali ina itatalikirapo mwadala, kenako afunse: "Ana inu, kodi ili ndi theka?" Apa pakhale chete pang'ono kuti owonera atsutse okha, chifukwa ana ambiri amayesa kuti chilichonse chogawidwa pawiri ndi theka. Chovuta n'chakuti chisononkho chimawonda kunsonga, ndiye zidutswa sizifanana bwino. N'chifukwa chake ine ndimakonda kupitiriza ndi zisononkho 8 zogawira ana 4. Aliyense akalandira ziwiri, 2/8 ioneke pansi, kenako 1/4. Musaonetse manambalawo ana asanaone kugawako.